Difu: chitsulo chimene chimalola magudumu kusiyana liwiro pa kona

Galimoto ikakhota pabwalo la fumbi kapena pamchenga wonyowa, imasiya mizere ya matayala yooneka bwino. Mukapeza mpata, mudzaime muiyang'anitsitse mizereyo. Pamene galimoto imayenda molunjika, mzere wa kumanzere ndi wa kumanja ndi yotalika mofanana. Pamene yakhota, mzere wa m'kati mwa kona ndi waufupi, wa kunja ndi wautali. Mutatenga chingwe n'kuyeza, mupeza kuti kusiyanako si kwamasewera. Komatu magudumu onse awiriwo analowa pa konapo nthawi imodzi, ndipo anatulukanso nthawi imodzi. Ngati lina layenda mtunda wautali kuposa linzake m'nthawi yofanana, ndiye kuti linathamanga kuposa linzakelo. Palibe njira ina.

Tiyeni tiike manambala kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono, kuchoka pakati pa tayala la kumanzere kufika pakati pa la kumanja pali pafupifupi mita imodzi ndi theka. Tiyerekeze kuti dalaivala akupatuka mumsewu waukulu kulowa mumsewu wopita kumsika, ndipo gudumu la m'kati likuzungulira pa mtunda wa mamita 5 kuchokera pakatikati pa kona. Ndiye kuti la kunja lili pa mamita 6.5. Pomaliza kukhotako, la m'kati layenda mamita pafupifupi 7.9, pamene la kunja layenda mamita 10.2. Tayala la galimoto yotere likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri, choncho la m'kati lazungulira kanayi, la kunja kasanu ndi kachidutswa. Pa kona imodzi yokha, gudumu lina laposa linzake ndi mamita oposa awiri.

Chodabwitsa n'chakuti kusiyanaku sikudalira kukula kwa kona. Muzungulire raundabauti yaing'ono kapena yaikulu ngati ya pa Clock Tower ku Blantyre, mukabwerera pamene munayambira gudumu la kumanzere, lomwe limakhala kunja pa maraundabauti athu, lidzakhala litaposa la kumanja ndi mamita pafupifupi 9.4. Chimene chimasintha n'chakuti pa kona yaikulu kusiyanako kumamwazika pa mtunda wautali, pamene pa kona yothina kumabwera konse pakamodzi. N'chifukwa chake mavuto onse amene tikambe m'nkhani ino amaonekera kwambiri pokhota mothina: potembenuza minibasi mu depoti, poimika galimoto pakati pa zinzake, kapena m'makona okhotakhota a msewu wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti.

Ngolo ya ng'ombe ilibe nalo vuto limeneli. Gudumu lililonse lili ndi maberingi akeake ndipo limazungulira palokha pa ekiselo, ndiye la kunja likafuna kufulumira palibe cholikaniza. N'chimodzimodzinso magudumu akutsogolo a minibasi ya Hiace: amangokankhidwa, aliyense ayende liwiro lake. Mutu umayamba kuwawa pa magudumu amene alumikizidwa ku injini. Injini ndi imodzi, chitsulo chotuluka mu giyabokosi ndi chimodzi, koma magudumu oti ayendetsedwe ndi awiri, ndipo pa kona iliyonse akufuna liwiro losiyana. Mutawalumikiza ndi chitsulo chimodzi cholimba, onse azizungulira mofanana, ndipo mamita awiri aja ayenera kuchoka penapake. Achoka pa tayala: limodzi lizikwekwerezeka pansi, kulira, n'kumadyeka. Galimoto nayo izikana kukhota, izifuna kungopita kutsogolo ngakhale mwapinda chiwongolero. Ndipo pa phula pamene tayala lagwira zolimba osalola kukwekwerezeka, chitsulo chija chizipotoka mpaka tsiku lina chidzathyoka.

Chitsulo chimene chimathetsa mkangano umenewu ndi chimene amakaniko amachitcha difu. Si chinthu cha dzana. Katswiri wina wa ku France wodziwa za mawotchi, Onésiphore Pecqueur, anachikonza cha m'ma 1827 n'cholinga choti chigwire ntchito pa ngolo yoyendera nthunzi, ndipo mu 1877 James Starley wa ku Coventry ku Mangalande anachiika pa njinga ya magudumu atatu. Nzeru yake sinasinthe kuchokera nthawi imeneyo.

M'kati mwa chibumacho

Suzumirani pansi pa lole, pikiapu kapena minibasi chakumbuyo. Pakati pa ekiselo muona chibuma chachitsulo chozungulira, ndipo chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi, chimene amati pulopushafiti, chalowa momwemo. Imeneyo ndiyo difu. Galimoto zoyendera magudumu akutsogolo, monga Vitz ndi Sienta zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, zilibe chibuma kumbuyo, ndipo ena amaganiza kuti zilibe difu. Ili nayo iliyonse, kungoti inabisidwa m'chikhokhombe chimodzi ndi giyabokosi.

Makaniko akatsegula difu ya Hiace n'kuiika pa benchi, chimene chimayamba kuoneka ndi giya yaikulu yonga mbale, ya mano okhota, yonyezimira ndi oyilo wa fungo lamphamvu. Imeneyo ndi kirauni. Imalumana ndi giya yaing'ono yosongoka, piniyoni, imene imazunguzidwa ndi pulopushafiti. Ziwirizi zili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutembenuza mphamvu: pulopushafiti imagona m'litali mwa galimoto, pamene magudumu amafuna chitsulo chopingasa. Yachiwiri ndi kuchepetsa liwiro kuti mphamvu yokankha ikule. Ngati piniyoni ili ndi mano 10 ndipo kirauni ili ndi mano 41, piniyoni iyenera kuzungulira kanayi ndi kachidutswa kuti kirauni izungulire kamodzi, ndipo mphamvu yopotokola imene ifika ku magudumu imakula kanayinso. Anthu ambiri akamati difu amaganiza za ziwiri zimenezi chifukwa ndizo zazikulu ndipo ndizo zimalira zikatha. Koma chinsinsi cha pa kona sichili pamenepa.

Chili m'kabokosi kachitsulo kamene kamangidwa ndi mabauti kumsana kwa kirauni, kamene kamazungulira limodzi ndi kirauniyo. M'kati mwake muli magiya anayi ang'onoang'ono. Awiri ayang'anizana, wina kumanzere wina kumanja, ndipo iliyonse yavekedwa kumutu kwa chitsulo chopita ku gudumu lake, chimene amakaniko amati hafushafiti. Onani bwino apa: mahafushafiti awiriwo sakhudzana, ndipo palibe imene yamangidwa ku kirauni. Chowalumikiza ndi timagiya tiwiri totsalato, tomwe ku galaja amati masipayida. Timeneti tavekedwa pa kamtanda kachitsulo kopingasa m'kabokosimo, ndipo kalikonse kaluma giya ya kumanzere mbali ino, giya ya kumanja mbali inayo. Galimoto zolemera zimakhala ndi masipayida anayi, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Kuti timvetse zimene sipayida imachita, tiganizire goli la ng'ombe ziwiri zokoka pulawo. Tcheni chimamangidwa pakati pa goli. Ng'ombe zikamayenda mofanana, goli limakhala lopingasa bwinobwino. Zikafika kumapeto kwa munda n'kuyamba kutembenuka, ya kunja imaponya miyendo, ya m'kati imangopondaponda, goli limapendeka, koma pakati pake pamayendabe, liwiro la pakati pa ziwirizo. Sipayida ndi goli lomwelo, kungoti mphamvu ikuyenda mobwerera: injini ndiyo ikukoka pakati, kudzera mu kirauni, kabokosi ndi kamtanda kaja, ndipo nsonga ziwiri za goli zikukankha magiya a magudumu. Goli lamtengo limapendeka pang'ono n'kufika pothera. Sipayida ilibe pothera, chifukwa ndi yozungulira: dzino lina likachoka, linzake lafika kale.

Tsono pamsewu wowongoka, magudumu onse akukumana ndi kulemera kofanana, ndiye masipayida sazungulira pa kamtanda kawo. Amangonyamulidwa ndi kabokosi, atagwira magiya awiri a m'mbali ngati mphero, ndipo zonse zimayenda ngati chitsulo chimodzi. Kirauni ikazungulira maulendo 100 pa mphindi, gudumu lililonse lizunguliranso 100. Galimoto ikalowa pa kona, msewu weniweniwo ndiwo umabweza gudumu la m'kati. Giya yake imatsalira pang'ono, sipayida imayamba kugudubuzika pa giya yotsalirayo, ndipo pogudubuzikapo imakankhira giya inayo patsogolo. Chimene yachotsa kuno ndi chomwecho chimene yawonjezera uko. Pa kona yathu ija ya mamita 5 ndi 6.5, kirauni ikadali pa 100, gudumu la m'kati litsika kufika pa 87, la kunja likwera kufika pa 113. Mukaphatikiza mupeza 200, monga momwe zinalili pamsewu wowongoka. Lamulo la difu wamba ndi limeneli: liwiro la magudumu awiri likaphatikizidwa limakhala kawiri liwiro la kirauni, nthawi zonse.

Chimene ndimachikonda pa chipangizochi n'chakuti palibe chimene chimachiuza kuti galimoto ikukhota. Palibe waya wochokera ku chiwongolero, palibe kompyuta. Magudumu amayenda monga msewu ukufunira, masipayida n'kungovomereza. Ndipo sizichitika pa kona pokha. Gudumu limodzi likalowa m'dzenje n'kutuluka, layenda mtunda wautali kuposa linzake limene linali poyalika. Tayala limodzi likachepa mphepo, limazungulira kochuluka. Tizinthu tonseti difu imatimeza mwakachetechete ulendo wonse.

Tsiku limene chilungamo chake chimakugonekani m'matope

Aliyense amene anayendapo m'misewu yafumbi mwezi wa Januwale kapena Febuluwale anazionapo izi. Pikiapu yatitimira, dalaivala akuponda moto, gudumu limodzi lakumbuyo likuzungulira mwaukali n'kumathira matope anthu okankha, pamene linzake, lomwe lili pouma pabwinobwino, langoti duu. Anthu amayamba kunena kuti difu yafa, kapena kuti galimotoyi imayendera gudumu limodzi. Ayi ndithu. Difuyo ikugwira ntchito yake mosaphonya, ndipo pamenepa ndi pamene pali malire ake.

Sipayida imakokedwa pakati, choncho imakankha mbali zonse ziwiri ndi mphamvu yofanana. Singathe kupatsa gudumu lina zochuluka. Vuto n'lakuti simungakankhe zolimba chinthu chimene chikuthawa. Tiyerekeze kuti tayala la m'matope likutha kugwira pansi ndi mphamvu yongokwanira kukoka makilogalamu 60, ikapitirira apo limaterereka. La pouma likanatha kukoka makilogalamu 500. Mphamvu ikangofika pa 60, la m'matope lija layamba kuzungulira pachabe, ndipo mphamvu singakwerenso. La pouma nalo lilandira 60 yomweyo. Galimoto yonse ikukokedwa ndi 120 basi, ngakhale injini ikubangula. Kuwonjezera moto sikuwonjezera kanthu pa 60 imeneyi, kumangowonjezera liwiro la gudumu lotererekalo.

Ndipo liwirolo ndi loopsa kuposa mmene limaonekera. Kumbukirani lamulo lija: gudumu limodzi likaima, linalo limatenga liwiro lonse, kawiri la kirauni. Pa galimoto zimene muvi wa liwiro umawerenga kuchokera ku giyabokosi, muvi ukaloza 40, tayala la m'matopelo likuthamanga ngati lili pa 80. Masipayida, amene anapangidwira kugudubuzika pang'onopang'ono pa kona, tsopano akuzungulira mopenga pa kamtanda kamene nthawi zambiri kalibe beringi, kamangodalira oyilo. Amatentha, amakanda kamtandako, mwinanso kumatirira. Choipa kwambiri chimachitika tayala lothamangalo likakumba n'kupeza mwala kapena nthaka yolimba mwadzidzidzi: limaima kamodzi n'kamodzi, ndipo kugunda konseko kumathera pa mano a masipayida kapena pa hafushafiti. Madifu ambiri amafera pomwepo, m'dambo, osati chifukwa cha ukalamba.

Mukamvetsa zimenezi, chochita chimadziwika chokha: thandizani gudumu limene likutererekalo, chifukwa ndilo likuika malire a onse awiri. Chotsani phazi pa moto. Kumbani matope kutsogolo kwake, ikani miyala, nthambi kapena mchenga pansi pake, ndipo ngati pali katundu kapena anthu oti akwere, alemeretse mbali imeneyo. Kilogalamu iliyonse ya mphamvu imene mwawonjezera kumeneko yawonjezekanso ku gudumu la pouma. Ngati galimoto imayendera magudumu akumbuyo ndipo handibuleki imagwira magudumu omwewo, ikokeni pang'ono, osati kutheratu, kenako nyamukani mofatsa. Buleki ikupatsa gudumu lotererekalo chinthu cholimbana nacho, mphamvu imakwera mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina la pouma limapeza yokwanira kutulutsa galimoto. Oyendetsa thirakitala amaidziwa bwino nzeru imeneyi, chifukwa thirakitala ili ndi zopondera za buleki ziwiri, cha kumanzere ndi cha kumanja. Galimoto zamakono zimachita zomwezi zokha: kompyuta ikaona gudumu limodzi likuthawa, imaligwira ndi buleki.

Njira ina ndi kuitseka difuyo kwa kanthawi. Mathirakitala, malole ambiri ndi galimoto zina za m'tchire zili ndi difuloko, kachitsulo ka mano kamene kamamanga hafushafiti ku kabokosi kaja kuti masipayida asagudubuzike. Apo magudumu onse amazungulira limodzi, ndipo la pouma limakoka ndi mphamvu zake zonse. Imalowetsedwa galimoto itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono, osati gudumu likuzungulira pachabe, ndipo mukangotuluka m'matope muyenera kuichotsa. Palinso madifu a pakatikati, olembedwa LSD, amene ali ndi timbale togwirana m'kati kapena magiya apadera, amene amalola kusiyana kwa pa kona koma amakaniza gudumu limodzi kuthawa lokha.

Galimoto yoyendera magudumu onse anayi ili ndi nkhani yomweyi kachiwiri. Mukabwerera ku mizere ya pafumbi ija muona kuti ndi inayi, chifukwa magudumu akumbuyo amadula kona, satsata mmene akutsogolo adutsa. Ekiselo yakutsogolo imayenda mtunda wautali kuposa yakumbuyo. Galimoto monga Prado ndi Land Rover Defender, zimene zimayendera magudumu anayi nthawi zonse, zili ndi difu yachitatu pakati yogawa kutsogolo ndi kumbuyo. Hilux zambiri zilibe. Mukaika pa 4H, pulopushafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi. Pa fumbi ndi m'matope palibe vuto, matayala amaterereka pang'ono n'kumasula kukokanako. Pa phula louma alibe poterera. Chiwongolero chimalemera, galimoto imadumphadumpha pokhota, ndipo chogwirira chimakana kubwerera pa 2H chifukwa zitsulo zapotokolana. Zikatero musalimbane nacho: bwererani chambuyo molunjika mamita angapo, kapena ikani magudumu a mbali imodzi pa fumbi, chimasuka.

Zimene timaichita tokha

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikufuna ndichitsutse poyera. Masipayida akasweka ndipo atsopano akudula kapena sakupezeka, ena amangowawotcherera onse pamodzi kuti galimoto ibwerere pamsewu. Imayendadi, ndipo m'matope imaoneka ngati yapeza mphamvu zatsopano. Koma imeneyo si difunso, ndi chitsulo chimodzi cholimba chija. Pa kona iliyonse yolowera kumsika mamita awiri aja akuchoka pa matayala, mahafushafiti akupotokoledwa tsiku ndi tsiku, ndipo galimoto ikalemedwa ndi katundu tayala silikwekwerezekanso mosavuta, chimene chimagonja ndi chitsulo. Mvula ikagwa pa phula, galimoto yotere imakana kulowa pa kona, kapena kumbuyo kumathawa mwadzidzidzi, popeza matayala akumbuyo ayamba kale kuterereka asanafike pakati pa kona. Pa galimoto yonyamula anthu, ndalama imene yapulumutsidwa pamenepo siyenera n'komwe kuyerekezedwa ndi chimene chaikidwa pachiswe.

China ndi matayala osiyana msinkhu pa ekiselo imodzi, zomwe zimachitika kawirikawiri tikamagula matayala ogwiritsidwa kale ntchito, limodzilimodzi monga thumba lalolera. Tayala lolembedwa 185/70 R14 ndi lotalika pafupifupi masentimita 61.5, pamene la 195/70 R14 ndi masentimita pafupifupi 63. Ndi maso simungaone kusiyana kwenikweni, koma laling'onolo liyenera kuzungulira maulendo 102 pamene linzake lazungulira 100. Kwa difu, galimotoyo ili pa kona yosatha, kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu. Difu wamba imapirira ndithu kusiyana kochepa chotere, ngakhale masipayida sapuma. Imene imavutika ndi ya LSD, imene timbale take timakhulana ulendo wonse, komanso galimoto zoyendera magudumu anayi nthawi zonse. Matayala awiri a pa ekiselo imodzi azikhala a nambala imodzi, odyeka mofanana, ndi mphepo yofanana. Katayala kakang'ono ka sipeya kaja ndi kokufikitsani kwa wokonza matayala, osati koyendera mwezi.

Chachitatu ndi oyilo, amene amaiwalika chifukwa alibe kandodo koyezera ngati wa mu injini. Mano a kirauni ndi piniyoni salumana chabe, amakhulananso, choncho amafuna oyilo wolemera wapadera, amene pa chigubu pake pamalembedwa GL-5, nthawi zambiri 80W-90 kapena 85W-140 malinga ndi buku la galimoto. Wa mu injini sangagwire ntchito imeneyi, ndipo madifu a LSD a timbale amafuna wawowawo. Kuyeza n'kosavuta: galimoto ili poyalika, masulani chitsekerero cha m'mbali mwa chibuma, mulowetse chala. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Posintha, yambani mwamasula cha m'mbalicho musanamasule cha pansi, chifukwa mukakhetsa oyilo kenako n'kupeza kuti chothirira chakana kumasuka, galimoto yagona pomwepo. Chitsekerero cha pansi nthawi zambiri chimakhala ndi maginito. Mukapezapo phala losalala lotuwa, kumeneko ndi kudyeka kwa masiku onse. Mukapezapo tizidutswa tolasa chala, dzino lina layamba kubenthuka.

Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pamwamba pa ekiselo pali kabowo kopumira kokhala ndi kachipewa. Difu yotentha ikamira mumtsinje imazizira mwadzidzidzi, mpweya wa m'kati umachepa, ndipo imayamwa madzi kudzera pa kabowoko kapena m'masilo. Amene amawoloka mitsinje nyengo ya dzinja ayenera kuyang'ana oyilo akangobwera ku ulendo, osadikira makilomita a m'buku. Kabowo komweko kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa kotulukira n'kukankha oyilo kudutsa m'masilo a kumagudumu, n'kukanyowetsa mabuleki. Mukaona m'kati mwa gudumu lakumbuyo mwanyowa ndi mafuta, musasinthe silo yokha, tsukaninso kopumirako.

Difu ikamadwala imanena, ndipo nthawi imene ikulira ndiyo imaloza pamene pavuta. Kulira kosalekeza ngati mluzu wapansipansi, kumene kumabwera mukaponda moto n'kusiya kapena kusintha mawu mukachotsa phazi, kumachokera kawirikawiri pa kirauni ndi piniyoni: mano adyeka, kapena sanatcheredwe bwino pomanga. Ziwirizi zimagulidwa ndi kusinthidwa limodzi, ndipo makaniko wodziwa ntchito amapaka utoto pa mano, n'kuzunguza, kuti aone pamene akukhudzana asanatseke. Mkokomo umene umakula ndi liwiro, mwaponda moto kapena ayi, umaloza ku maberingi. Kugunda kamodzi ponyamuka kapena posintha giya kungakhale mpata wochuluka pakati pa mano, koma yambani mwagwedeza majoini a pulopushafiti, chifukwa ndi otsika mtengo ndipo ndiwo amatha msanga. Masipayida amadziwika ndi ichi: pamsewu wowongoka ali chete, chifukwa sakuzungulira, koma pokhota amagogoda kapena kukukuta. Pa galimoto yoyendera magudumu akutsogolo samalani, phokoso la thethethe pokhota nthawi zambiri limakhala la joini ya siivi, osati difu.

Ngati mukugula galimoto yakale yoyendera kumbuyo, pali mayeso a mphindi zochepa amene angakuuzeni chimene chili m'chibumamo osachitsegula. Imikani poyalika, tchingani magudumu akutsogolo ndi miyala, kwezani ekiselo yakumbuyo mpaka matayala onse awiri achoke pansi, ndipo muikhazike pa zochirikiza zolimba, osadalira jeke yokha. Injini ikhale yozimitsa, giya ikhale yolowetsa, handibuleki yomasula. Zunguzani tayala limodzi ndi manja chakutsogolo. Pa difu wamba yabwinobwino, linzake lizungulira chambuyo, liwiro lomwelo, mosalala ndi mopanda kugogoda, chifukwa kirauni yaima ndipo masipayida akungopatsira mbali inayo. Likakana kuzungulira, chotsani giya muyesenso. Onse awiri akamapita mbali imodzi, difuyo ndi ya LSD, kapena difuloko yatsala yolowa, kapena inawotchereredwa. Tsitsani galimoto, mupite nayo pa phula louma, mupinde chiwongolero mpaka pothera n'kuyenda pang'onopang'ono mawindo ali otsegula. Ya LSD imakhota bwinobwino, mwina ndi kunjenjemera pang'ono. Yowotcherera imadumphitsa tayala la m'kati, limalira n'kusiya mzere wakuda pansi, ndipo mtengo wa difu ina uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa galimotoyo musanapereke ndalama.